Kalata yopempha ntchito ya wothandizira mmisiri wa zamagetsi

Mufakose, Harare
14 Okutobala 2024

Kwa Bambo mwini wokishopu yokonza mamota ndi mapampu,
Graniteside, Harare.

Bambo wolemekezeka,

KUPEMPHA NTCHITO YA WOTHANDIZIRA MMISIRI WA ZAMAGETSI

Ndikulemba kalatayi potsatira mawu amene munandiuza titakumana pabwalo la tchalitchi Lamulungu lapitali, akuti ndikufotokozereni m'chinenero chathu zimene manja anga agwirako, popeza pepala la mbiri ya ntchito la m'Chingerezi limene ndaphatikiza pano ndi lalifupi ndipo silinena zambiri. Ndine mtsikana wa zaka 23, wophunzira zamagetsi pa Harare Polytechnic. Satifiketi ya HEXCO ndinaitenga kale, ndipo mayeso omaliza a dipuloma ndilemba chaka chino chisanathe.

Ndiyambe ndi chimene mudzachione msanga papepalalo. Ntchito yolipidwa ya zamagetsi imene ndagwirapo ndi ya masabata asanu ndi limodzi okha. Zina zonse ndinaziphunzira pa atachimenti ya koleji ya miyezi 12 ndiponso pa masabata asanu ndi atatu amene ndinadzipereka ndekha kwa anthu oika sola. Sindikufuna kuzikometsera kuti zioneke ngati ndinalembedwapo ntchito kumeneko, komanso sindikufuna kuti muziyese zachibwana chifukwa panalibe malipiro, choncho pa malo alionse ndasiyanitsa zimene ndinkachita ndekha, zimene ndinkachita mmisiri akuyang'ana, ndi zimene ndinangoonerera.

Atachimenti ya koleji ndinaichita kuyambira Januwale mpaka Disembala 2023 pa fakitale ina yophika buledi ku Southerton, m'chigawo chokonza makina. M'chigawomo munali amisiri atatu ndi ophunzira awiri, ndipo ine anandiika m'manja mwa mmisiri wa kalasi yoyamba amene wakhala pa ntchitoyi kuyambira ine ndisanabadwe. Miyezi itatu yoyambirira ndinkalowa masana okha, ndipo ntchito yanga inali kunyamula bokosi la zida, kupukuta ufa m'mabokosi a magetsi, kuthira girizi m'mabering'i ndi kulemba zimene mamita akuonetsa. Pa nthawiyo ndinkaiona ngati ntchito yonyozeka, koma ndi imene inandizoloweretsa kulira kwa mota iliyonse ikakhala bwino, moti pambuyo pake ndinkatha kuzindikira bering'i yotopa pongodutsa pafupi. Kuyambira mwezi wa Epulo anandilowetsa m'mashifiti onse, kuphatikizapo ausiku, chifukwa buledi wopita m'masitolo m'mawa amaphikidwa anthu ali mtulo ndipo makina ambiri amafa nthawi imeneyo.

Zimene ndinafika pozichita ndekha, mmisiri n'kungobwera kudzaona ndikamaliza, ndi izi. Ndinkathimitsa magetsi a makina, kukhoma loko wanga pa switchi ndi kuyesa ngati magetsi achokadi ndisanagwire waya. Ndinkayesa mawaya a m'kati mwa mota ndi mega ya 500 V, kusintha mabering'i a mamota ang'onoang'ono osapitirira 4 kW, kusintha makontakita ndi maovalodi, ndiponso kulumikiza sitata yolizira mota mwachindunji. Sitata ya sitala-delita ndinailumikiza kuyambira pachiyambi maulendo anayi, awiri mmisiri ali pambali panga ndipo awiri ndili ndekha. Magetsi akathima, zimene zinkachitika pafupipafupi chaka chimenecho, ndinkathandiza kusamutsira fakitale ku jenereta, koma switchi yaikuluyo ankagwira ndi mmisiri, ine ndinkangowerenga mamita ndi kuliza makina limodzilimodzi monga mwa ndondomeko yake. Chipinda cha thiransifoma ya 11 kV ndinalowamo kamodzi kokha kukaonerera, ndipo sindinagwiremo kanthu.

Ndifotokozeko ntchito imodzi mwatsatanetsatane, kuti muone mmene ndimaganizira makina akavuta. Usiku wina mu Ogasiti, mota ya 7.5 kW ya makina okanda ufa inkalira bwinobwino pa sitala, koma ikangolowa pa delita ovalodi inkadula magetsi pasanathe mphindi imodzi. Mmisiri anali ku uvuni kumene kunalinso vuto lina, ndipo oyendetsa makinawo, poona kuti ufa wokanda kale ukufufuma, ankandikakamiza kuti ndingokweza nambala ya pa ovalodi kuti ntchito ipitirire. Ndinakana. Chikwangwani cha pa motayo chinalemba 15 A pa 400 V, ndipo popeza ovalodi inali pa mawaya opita ku makoyilo, inayenera kukhala pa 15 kuchulukitsa ndi 0.58, kutanthauza pafupifupi 8.7 A, pamene inalidi. Ndinaona kuti ovalodiyo sinkanama, ndipo kuikweza kukanangopsereza mota. Nditapima ndi kilampu mita ndinapeza kuti mafezi atatuwo sakukoka magetsi ofanana. Ndinathimitsa, kukhoma loko, kumasula mawaya onse asanu ndi limodzi, U1, V1, W1, U2, V2 ndi W2, n'kuyesa makoyilo, ndipo onse atatu anali ofanana komanso osakhudzana ndi thupi la mota. Pamenepo ndinabwerera ku bokosi n'kutsegula kontakita ya delita, ndipo ndinapeza kuti dzino lake limodzi linali litapsa mpaka kuda ngati khala, moti koyilo imodzi sinkalandira magetsi. Ndinakaitana mmisiri, iye anaona n'kundilola kuisintha, ndipo makinawo anayambanso kukanda patatha mphindi 50 chiimireni. Ntchitoyi inalembedwa m'logibuku yanga ndipo mmisiriyo anasainira.

M'logibuku yomweyo mulinso cholakwa changa, ndipo ndi bwino muchimve kwa ine musanachiwerenge. Mu Meyi, nditabwezeretsa mota ya pampu yokweza madzi m'thanki, ndinasemphanitsa waya wofiira ndi wabuluu, ndipo pampuyo inazungulira chobwerera kwa theka la ola thanki osadzaza. Palibe chimene chinawonongeka, koma ndinadzudzulidwa pamaso pa anzanga, ndipo kudzudzulako kunali koyenera. Kuyambira tsiku limenelo sindimasula waya ndisanaumate chizindikiro, ndipo mota iliyonse ndimayamba ndailiza pang'ono kuti ndione kumene ikuzungulira ndisanaisiye.

Mphunzitsi wa ku koleji anabwera kawiri kudzandiyesa ndili pa ntchito, ndipo malikisi a maulendo onse awiri pamodzi ndi lipoti la mkulu wa chigawo ali m'mapepala amene ndaphatikiza. Fakitaleyo inkandipatsa chakudya chamasana ndi ndalama ya kombi, ndipo n'chifukwa chake chaka chimenecho sindinachiike pa mndandanda wa ntchito zolipidwa, ngakhale kuti ndinkalowa ndi kuweruka limodzi ndi olipidwawo.

Malo achiwiri ndinawapeza ndekha pa tchuthi, pa kampani yaing'ono ya ku Msasa yoika sola m'nyumba ndi pa mijigo. Uku sikunali kwa koleji ayi, motero kulibe malikisi, koma mwini wake anandilembera kalata ya umboni. M'masabata asanu ndi atatuwo ndinathandiza kuika sola m'nyumba zisanu ndi ziwiri ku Ruwa, ku Budiriro ndi ku Westgate, zambiri mwa izo za invata ya 5 kVA ndi batire ya lifiyamu ya 48 V. Ndinkamanga mapanelo padenga moyang'ana kumpoto, monga ziyenera kukhalira kuno kummwera kwa ikweta, kupana mapulagi a MC4, kupima mavoluti a mzere uliwonse wa mapanelo tisanaulumikize, ndiponso kugawa bokosi la magetsi la m'nyumba kuti sitovu ndi giza zisakhale pa invata. Kukonza manambala a m'kati mwa invata ankachita ndi mwini kampani, ine ndikuonerera ndi kulemba. Tinatsitsanso mapampu atatu m'mijigo, ndipo mfundo ya chingwe chamagetsi cholowa m'madzi pa mjigo wachitatu ndinaimanga ine. Popeza munanena kuti theka la ntchito ya pa wokishopu yanu masiku ano ndi mapampu a m'mijigo, ndikukhulupirira kuti zimenezi zingakuthandizeni kuyambira sabata yoyamba.

Ntchito yolipidwa ija inali mu Disembala 2022 ndi Januwale 2023 ndisanayambe atachimenti, pamene mmisiri wina anandilemba ganyu yomuthandiza kuika mawaya m'nyumba ziwiri ku Tafara. Ndinkasema makoma, kuyala mapaipi, ndi kukoka mawaya a 1.5 mm² a mababu ndi a 2.5 mm² a masoketi.

Pali chinthu chimodzi chimene wokishopu yanu imadziwika nacho koma ine sindinachidziwe mokwanira, ndicho kukulunga makoyilo a mota yopsa. Ku koleji ndinaphwasula mota imodzi ya mafezi atatu, kuwerenga mizere ya waya ndi kujambula kalumikizidwe kake, ndipo ndinakulunga ndekha mota imodzi yaing'ono ya fezi imodzi imene inalira titaiyesa. Kupitirira apo sindinafike, chifukwa ku fakitale kuja mota ikapsa ankaitumiza kwa anthu onga inu. Ichi ndicho chandichititsa kupempha malo kwa inu m'malo mobwerera ku ntchito ya m'fakitale, pakuti ndikufuna kudziwa mota mpaka m'kati mwake ndisanakalembe mayeso a zaumisiri okwezera kalasi yanga.

Ngati kungatheke, ndikupempha kuti mundiyese kaye musanagamule. Mukhoza kundipatsa bokosi, makontakita atatu, taima ndi ovalodi kuti ndilumikize sitala-delita inu mukuona, kapena kundipatsa mota yobwera ndi kasitomala kuti ndikuuzeni chimene chavuta. Mmisiri amene ankandiyang'anira ku Southerton ndiponso mwini kampani ya ku Msasa avomera kuti muwaimbire foni, ndipo manambala awo ali kumapeto kwa pepala la mbiri ya ntchito. Logibuku yeniyeniyo sindinaitumize chifukwa ndi imodzi yokha, koma ndidzabwera nayo tsiku limene mungandiitane. Pakadali pano ndimapezeka Lachisanu masana ndi Loweruka lonse, ndipo ndikamaliza mayeso ndidzatha kuyamba ntchito ya masiku onse kuyambira sabata yoyamba ya Disembala. Malitimita, mapulayazi, masikuludiraiva, ovolosi ndi nsapato za ntchito ndili nazo zanga.

Ndaphatikiza pepala la mbiri ya ntchito, kope la satifiketi, zotsatira za mayeso a dipuloma amene ndalemba kale, lipoti la atachimenti ndi kalata ya umboni ya ku Msasa.

Ine mwana wanu,
Naphiri