Malangizo oyezera madzi pa wiya wa mlomo wakuthwa: kamtsinje kothira mu Lunyangwa

Malangizowa ndi a gulu lomwe liziyeza madzi a kamtsinje kothirira madimba ndi maiwe a nsomba, kuyambira Julayi mpaka mvula yoyamba. Tikufuna kudziwa malita omwe akudutsa pa sekondi, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pomwe mitsinje ya kuno ku Mzuzu imaphwera kwambiri. Pa wiya, chitsulo chotchinga kamtsinje chomwe madzi amadumphira pa mpata wake, simuyeza liwiro la madzi ayi. Mumayeza chinthu chimodzi chokha, kutalika kwa madzi pamwamba pa mlomo wa wiya, komwe tikulemba kuti H. Mukalakwitsa H mwalakwitsa zonse.

Chitsulo ndi kaikidwe kake

Wiya wathu ndi chitsulo chaphanthiphanthi chodulidwa mpata wooneka ngati V, wa madigiri 90. Tasankha V chifukwa madzi akachepa amadzaza msinkhu wowerengeka m'kampata kopapatiza, pomwe pa mpata wa ngodya zinayi amangoyandama pang'ono osayezeka bwino. Mlomo ukhale wochindikala mamilimita 1 mpaka 2, ndipo mbali ya kumunsi aipale motsetsereka madigiri 60 kuti madzi akhudze mzere umodzi wokha n'kudumpha. Nkhope yoyang'ana kumtunda ikhale yosalala, yopanda dzimbiri kapena zotsalira za owotcherera.

Chitsulocho chiime chilili, chopingasa bwinobwino njira ya madzi. Kuchokera pansi pa dziwe lomwe limapangika kumtunda kwa chitsulo kufika pa nsonga ya V pakhale mamita 0.45, ndipo m'lifupi mwa dziwe mukhale mamita 1.2. Tsinyirani dongo m'mbali ndi pansi, chifukwa madzi ozembera pansi pa chitsulo sawerengedwa. Kumunsi yalani miyala kuti madzi akugwawo asakumbe maziko.

Kumene muyezere H

Madzi akamayandikira mlomo amathamanga, nkhope yake n'kutsika. Mukaika rula pachitsulo penipeni mupeza H wocheperapo kuposa weniweni. Choncho khomani chikhomo chokhala ndi rula kumtunda, pa mtunda wa kanayi kapena kasanu H wamkulu yemwe mukuyembekezera. Pano H sapitirira mamita 0.18 m'chilimwe, ndiye chikhomo chikhale mamita 0.8 kuchokera pachitsulo, pambali pomwe madzi ali bata.

Ziro wa rula ayenera kulingana ndendende ndi nsonga ya V. Gwiritsani ntchito paipi yoonekera m'kati yodzaza madzi, ija amisiri omanga nyumba amatengera levulo, ndipo muchotsemo thovu lonse musanayambe. Ena amadikira kuti madzi asiye kudontha pa nsonga n'kunena kuti ameneyo ndiye ziro. Njira imeneyi si yabwino, chifukwa madzi amamatirira pachitsulo n'kuima mamilimita angapo pamwamba pa nsonga. Onaninso ziro mwezi uliwonse, komanso nthawi iliyonse chikhomo chagundidwa.

Kawerengedwe

Madzi omwe ali pa kuya kwa h pansi pa nkhope ya dziwe amatuluka pa liwiro la √(2gh). Mukaphatikiza timizere tonse ta madzi kuchokera pa nsonga kufika pamwamba, mumapeza izi:

```
Q = (8/15) × Cd × √(2g) × tan(θ/2) × H^2.5
```

Q ali m'makiyubiki mita pa sekondi, H m'mamita, g ndi 9.81, ndipo θ ndi ngodya ya V. Cd alipo chifukwa madzi amafinyika akamadutsa pamlomo, kotero odutsa enieni amachepa poyerekeza ndi a masamu okhaokha. Pa V wa madigiri 90, Cd amakhala pafupifupi 0.58 mpaka 0.59, ndipo zonse zikachulukitsidwa zimatsala motere:

```
Q = 1.38 × H^2.5
```

Tinene kuti m'mawa rula yaonetsa masentimita 12. Sinthani kaye kukhala mamita, 0.12. Chulukitsani 0.12 ndi 0.12, mupeza 0.0144. Kenako chulukitsani ndi √0.12, yemwe ndi 0.3464, mupeza 0.00499. Chulukitsani ndi 1.38, yankho ndi 0.0069. Amenewa ndi malita 6.9 pa sekondi, kapena makiyubiki mita pafupifupi 595 pa tsiku ngati madzi sasintha.

Tsopano onani chomwe chimachitika munthu akawerenga 12.5 m'malo mwa 12. Q amakwera kufika malita 7.6 pa sekondi. Theka la sentimita lawonjezera madzi oposa 10 pa 100 alionse, madzi omwe mumtsinjemo mulibe, koma ogawa madzi kumadimba adzawagawa papepala. Mphamvu ya 2.5 ija ndiyo imakulitsa cholakwa chotero. N'chifukwa chake timati gwadani, diso lilingane ndi nkhope ya madzi, werengani mpaka pa milimita, katatu, n'kutenga avereji.

Manambala oyerekezera pamalo pomwepo:

```
H (m)    Q (l/s)
0.06      1.2
0.10      4.4
0.12      6.9
0.15     12.0
0.18     19.0
```

H akatsika pansi pa masentimita 5 kapena 6 musadalire fomulayi, chifukwa madzi amayamba kukakamira pachitsulo. Zikatero tcherani ndowa ya malita 20 ndi kuwerenga masekondi. Pa madzi ochuluka ndowa imadzaza msanga kwambiri, choncho poyesa ngati wiya akunena zoona patutsirani madzi onse mu diramu ya malita 200. Pa H wa 0.12 iyenera kudzaza m'masekondi pafupifupi 29.

Zomwe zimaononga muyeso

Choyamba kuyang'ana mukafika ndi mpweya pansi pa madzi akugwawo. Madzi ayenera kudumpha momasuka, moti dzanja n'kulowa pakati pa iwo ndi chitsulo. Mpweyawo ukatha, madzi amakokedwera pachitsulo ndipo amadutsa ochuluka kuposa omwe H akusonyeza. Madzi a kumunsi nawonso akhale masentimita osachepera 5 pansi pa nsonga. Akakwera n'kumiza mlomo, madzi a kumtunda amabwerera m'mbuyo, H amakula, ndipo fomula imapereka madzi ambiri kuposa enieni. Tsiku lotero lembani m'kaundula kuti wiya anamira, musalembe Q.

Matope ndiwo vuto lomwe silionekera msanga. Dothi lofiira lokokoloka m'minda ya m'mapiri limadikha kuseri kwa chitsulo, dziwe n'kumachepa kuya. Madzi amafika pamlomo ali kale pa liwiro ndipo safinyika mokwanira, kotero amadutsa ambiri pa H yemweyo ndipo kaundula wanu amalemba ochepa. Pimani kuya kwa dziwe kuchokera pa nsonga ya V sabata iliyonse, ndipo kukatsika pansi pa mamita 0.40 fukulani matopewo. Mukafukula dikirani madzi akhazikike musanawerenge. Masamba, udzu ndi ndere zokodwa mu V zimakweza H. Zichotseni ndi dzanja kapena burashi yofewa, osati khasu kapena chikwanje, chifukwa mlomo ukabuntha kapena kupindika Cd amasintha.

Madzi a nthawi ya mvula

V sangakwanitse madzi a Febuluwale mpaka Epulo. Pa nthawi imeneyo pamaikidwa chitsulo cha mpata wa ngodya zinayi, ndipo timagwiritsa ntchito fomula ya Francis:

```
Q = 1.84 × (b − 0.1 × n × H) × H^1.5
```

Apa b ndi m'lifupi mwa mpata, ndipo n ndi chiwerengero cha mbali zomwe madzi akufinyika: 2 ngati mpata ndi wopapatiza kuposa dziwe, 0 ngati wafika khoma ndi khoma. Pa b wa 0.60, H wa 0.15 ndi n wa 2, mupeza 1.84 × 0.57 × 0.0581, omwe ndi malita 61 pa sekondi. Ngati n ndi 0, makoma amatsekereza mpweya, ndiye boolani m'mbali ndi kulowetsa kapaipi kopititsa mpweya pansi pa madzi akugwawo.

M'kaundula lembani tsiku, nthawi, ma H atatu aja, Q, kuya kwa dziwe, komanso ngati wina anali kupopa madzi kumtunda pa nthawiyo. Muziyeza 7 koloko m'mawa masiku onse, mapampu asanayambe, kuti manambala a masiku osiyana athe kuyerekezedwa.