Lipoti la Mayeso Ovomerezera Pulogalamu Yogulira Mbewu

Kupita kwa: komiti yaikulu ya kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza, Mchinji
Kuchokera kwa: mlembi wa kopaletivi, amene anatsogolera mayeso
Pulogalamu yoyesedwa: mtundu 1.4, pa matabuleti awiri ndi kompyuta ya mu ofesi
Masiku: Lolemba pa 10 mpaka Lachinayi pa 13 Malichi 2025

Chigamulo mwachidule

Pa mayeso 9, asanu anayenda bwino ulendo woyamba, limodzi linakonzedwa ndi kuyesedwanso sabata yomweyo, atatu akadali olephera. Mbali yolembetsa mamembala ndi yoyeza mbewu tailandira, malinga kampani yopanga pulogalamu ikonze zolakwika ziwiri za pa yeso 3 ndi 7 m'munsimu. Mbali yolipira alimi pa foni sitinailandire.

Oyesa anali makalaliki awiri a pasikelo, a msungichuma ndi ine. Wa kampani yopanga pulogalamu anakhala pambali kuonerera, sanaloledwe kugwira tabuleti. Mayina, mitengo ndi ndalama zonse zinali zoyeserera. Tinaika soya pa K1,200 pa kilogalamu pofuna kuti masamu asavute, si mtengo wa chaka chino.

Yeso 1: Kulowa mu pulogalamu
Zochita: kalaliki alembe nambala yachinsinsi yolakwika katatu.
Zoyembekezeka: pulogalamu itseke mpaka manijala atsegule.
Zomwe zinachitika: inatseka, manijala anatsegula. Lapambana.

Yeso 2: Kulembetsa membala ndi chiphaso cha unzika
Zochita: kujambula kachizindikiro ka `QR` ka pachiphaso, kenako kuyesa kulembetsanso munthu yemweyo.
Zoyembekezeka: dzina ndi nambala ya chiphaso zilowe zokha, kulembetsa kachiwiri kukanidwe.
Zomwe zinachitika: zonse zinatero. Chiphaso chimodzi chofufutika chinakana kujambulika, koma kulemba pamanja kunatheka. Lapambana.

Yeso 3: Mayina okhala ndi ng'
Zochita: kulemba pamanja dzina loyeserera la Mang'anda.
Zoyembekezeka: dzina lisungidwe monga lalembedwera.
Zomwe zinachitika: pulogalamu inakana ndi uthenga wakuti `Invalid name`. Titachotsa kachizindikiro ka pakati inalola, koma dzina linasiyana ndi la pachiphaso. Mamembala a mayina otere tili nawo ambiri, ndipo dzina likasiyana ndi chiphaso, mlimi amavutika potapa ndalama. Lalephera. Kukula kwa vuto: kwapakati.

Yeso 4: Nambala ya foni
Zochita: kulemba nambala za Airtel Money ndi TNM Mpamba, zina zoyamba ndi 0, zina ndi +265, ina yoperewera.
Zoyembekezeka: zokwanira zilandiridwe, yoperewera ikanidwe.
Zomwe zinachitika: zinatero. Lapambana.

Yeso 5: Kuyeza ndi kuwerengera mtengo
Zochita: thumba la soya lolemera makilogalamu 50.4, kuchotsa 0.2 wa saka. Kenako thumba lina la chinyezi chopitirira malire a kopaletivi.
Zoyembekezeka: makilogalamu 50.2, ndalama K60,240, lisiti lituluke. Thumba lachinyezi likanidwe.
Zomwe zinachitika: masamu anafanana ndi a m'kope la a msungichuma, ndipo thumba lachinyezi linakanidwa. Makalaliki adandaula kuti zilembo za pasikirini n'zazing'ono, padzuwa la masana sizioneka, mpaka wina ankaphimba tabuleti ndi chipewa. Ili si vuto loletsa ntchito, koma taliika pa zopempha. Lapambana.

Yeso 6: Kudula ngongole ya mbewu ndi feteleza
Zochita: (a) mlimi wabweretsa matumba atatu, makilogalamu 150.6, ngongole yake K45,000. (b) Mlimi wabweretsa thumba limodzi la K60,240 pomwe ngongole yake ndi K75,000.
Zoyembekezeka: (a) alandire K135,720, ngongole ithe. (b) Asalandire kanthu, patsale ngongole ya K14,760.
Zomwe zinachitika: (a) inayenda bwino. Pa (b) lisiti linaonetsa `-14,760.00` koma m'kaundula ngongole inalembedwa kuti yatha. A msungichuma ndiwo anaona izi, chifukwa anaumirira kutsegula tsamba la membalayo osangodalira lisiti. Chikhala anali masiku enieni ogula, aliyense wa ngongole akanangobweretsa thumba limodzi n'kumasuka, kopaletivi n'kuluza ndalama mosazindikira. Kampani inakonza Lachitatu usiku. Lachinayi tinabwereza (a) ndi (b), zonse zinatuluka molondola. Linalephera, lakonzedwa, lapambana pobwereza.

Yeso 7: Kugwira ntchito popanda netiweki
Zochita: matabuleti onse awiri anapita kudepoti ya ku Mkanda, tinazimitsa intaneti, kalaliki aliyense analemba malisiti 6. Pobwerera tinayatsa intaneti.
Zoyembekezeka: malisiti onse 12 afike mu ofesi, lililonse ndi nambala yakeyake.
Zomwe zinachitika: onse 12 anafika, makilogalamu ndi ndalama zinali zolondola. Vuto lili pa manambala. Tabuleti iliyonse inayambira pa nambala yomwe inaiona komaliza isanachoke mu ofesi, kotero alimi awiri osiyana anatenga lisiti la nambala `000118`, ndipo zinateronso mpaka `000123`. Mu ofesi, ukafufuza nambalayo, pamatuluka mlimi mmodzi yekha, winayo saoneka pokhapokha utamufufuza ndi dzina. Wa kampani anati palibe chatayika, ndipo akunena zoona. Koma mlimi akabwera kudzadandaula sabwera ndi kompyuta, amabwera ndi kapepala, ndipo kapepalako kayenera kuloza munthu mmodzi. Tagwirizana kuti tabuleti iliyonse ikhale ndi chilembo chake kutsogolo kwa nambala. Lalephera. Kukula kwa vuto: kwakukulu.

Yeso 8: Kulipira pa foni
Zochita: kulipira K60,240 ku nambala yoyeserera netiweki ili yofooka, kalaliki adine batani la `Pay` kawiri.
Zoyembekezeka: ndalama zipite kamodzi, batani lizime likangodinidwa.
Zomwe zinachitika: sikirini inangoti zii, osaonetsa kuti chikuchitika n'chiyani. Kalaliki anadinanso, monga aliyense angachitire pamaso pa mzere wa anthu. Malipiro anapita kawiri, K120,480, koma lipoti la tsikulo linaonetsa amodzi. Tinabwereza pa tabuleti inayo, zinachitikanso chimodzimodzi. Cholakwika chili mu pulogalamu yathu, osati kwa otumiza ndalama. Maganizo oti tingowalangiza makalaliki kuti asamadine kawiri tawakana. Lalephera. Kukula kwa vuto: koletsa ntchito.

Yeso 9: Lipoti la kumapeto kwa tsiku
Zoyembekezeka: makilogalamu onse afanane ndi matumba a m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo kalaliki asathe kufufuta lisiti.
Zomwe zinachitika: anafanana, kufufuta kunafuna chilolezo cha manijala. Lapambana.

Zomwe tagwirizana

Kampani ikonze mayeso 3, 7 ndi 8 pofika Lachisanu pa 28 Malichi 2025, tsiku lomwe tidzabwereze atatuwa pamodzi ndi yeso 6 ndi 9, poti zonsezi zikukhudza kaundula mmodzi. Yeso 8 likadzalepheranso, nyengo yogula tidzaiyamba tikulipira monga kale, pulogalamu izidzangoyeza ndi kutulutsa malisiti. Kope la pamanja lisachoke pasikelo mwezi woyamba. Gawo lomaliza la malipiro a kampani lidikire zotsatira za pa 28.

Kusainira, Lachisanu pa 14 Malichi 2025

Mlembi: ndavomereza kulembetsa ndi kuyeza malinga ndi zomwe tagwirizana, kulipira pa foni ayi. Ndasaina.
Msungichuma: ndavomereza chimodzimodzi, ndipo ndikupempha kuti pa 28 tidzayesenso ngongole ya mlimi wobweretsa soya ndi mtedza tsiku limodzi. Ndasaina.
Kalaliki wamkulu wa pasikelo: ndavomereza. Ndasaina.
Woimira kampani: ndaona zolakwika zitatuzi ndipo ndavomera tsiku lokonzera. Ndasaina.
Wapampando: ndalandira lipotili m'malo mwa komiti. Ndasaina.