Kuitanidwa ku intaviyu ya ntchito ya ukalaliki wa mosungira mbewu

Pa Kamwendo, Mchinji
Lachisanu, 27 Febuluwale 2026

Okondedwa amayi ndi abambo,

Tikupatsani moni kuchokera kuno ku kopaletivi yathu ya alimi a mtedza ndi soya. Makalata amene munalemba ofunsira ntchito ya ukalaliki wa mosungira mbewu anatipeza, ndipo komiti inakhala pansi Lachitatu lapitali kuwawerenga onse. Analipo 43. Mwa amenewo tasankha anthu asanu ndi mmodzi oti tionane nawo maso ndi maso, ndipo inu amene mukuwerenga uthengawu ndinu mmodzi mwa iwo. Tautumiza kwa aliyense payekhapayekha kuti maina anu asamwazike, koma mawu ake ndi amodzimodzi kwa nonse.

Nthawi zoti musankhepo

Tapatula nthawi zisanu ndi zitatu m'masiku atatu:

Lachiwiri, 10 Malichi: 8:00, 9:30 kapena 11:00 m'mawa
Lachitatu, 11 Malichi: 8:00, 9:30, 11:00 m'mawa, kapena 2:00 masana
Lachinayi, 12 Malichi: 9:30 m'mawa yokha

Sankhani nthawi ziwiri, yoyamba imene mwaikonda kwambiri ndi yachiwiri yoti tigwiritse ntchito ngati mnzanu wakutsogolerani pa yoyambayo. Yankhani pa WhatsApp pomwe pano, kapena pa uthenga wamba wa pafoni ku nambala yomwe yakutumizirani uthengawu. Lembani dzina lanu lonse, kenako nthawi ziwirizo, mwachitsanzo: Lachitatu 9:30, ikakanika Lachiwiri 11:00. Woyamba kuyankha ndiye woyamba kupatsidwa. Yankho lanu litipeze pasanafike 4 koloko madzulo Lachitatu pa 4 Malichi. Dziwani kuti Lachiwiri pa 3 Malichi ofesi idzakhala yotseka chifukwa ndi tsiku lokumbukira anthu amene anafera dziko lino, choncho mukalemba tsiku limenelo n'kuona kuti takhala chete, musade nkhawa, mauthenga tidzawatsata monga mwa nthawi imene anafikira. Aliyense adzalandira uthenga wotsimikiza nthawi yake Lachinayi pa 5 Malichi.

Amene mukuchokera kutali, monga ku Lilongwe kapena ku Kasungu, tikukulangizani kuti musatenge ya 8:00. Minibasi imanyamuka ikadzaza, ndipo ya pa msewu wa M12 imaima pa Msundwe, pa Namitete ndi pa Waliranji isanafike kuno. Kukagwa mvula usiku zimachedwa kuposa pamenepo. Nthawi za 8:00 asiyireni a pafupi. Nthawi ya Lachinayi taiika makamaka chifukwa cha amene ali pa ntchito kwina ndipo sangapatsidwe mpata masiku awiri oyambawo, koma ngati palibe woifuna pa chifukwa chimenecho, aliyense angathe kuitenga. Amene muli pa kusala kudya m'mwezi uno wa Ramadani ndipo mukufuna ya m'mawa, tiuzeni poyankhapo, tidzakuganizirani.

Malo

Intaviyu idzachitikira ku ofesi yathu pa Kamwendo, pomwe munasiya makalata anu. Amene munatumiza makalata kudzera mwa ena ndipo simunafikeko, tsikirani pa mphambano pomwe msewu wa ku Kasungu umapatukira, mukatero mutiimbire. Mlonda wathu adzabwera kudzakutengani, ndi mtunda woyenda pansi mphindi zosakwana khumi. Fikani kutatsala mphindi 20 kuti nthawi yanu ikwane, kuti tione mapepala anu musanalowe.

Mmene zidzayendere

Zonse pamodzi zidzatenga ola limodzi ndi mphindi 10, ndipo zili m'magawo atatu.

Poyamba mudzacheza ndi anthu atatu kwa mphindi 30: wapampando wa bodi, manijala ndi msungichuma. Adzakufunsani za kumene munagwirako ntchito, mmene munkasungira mabuku, ndi zimene mungachite pa zovuta zina zimene kalaliki amakumana nazo nthawi yogula mbewu. Mungayankhe m'Chichewa kapena m'Chingerezi, ngakhale kusakaniza, palibe amene adzachotseredwe malikisi chifukwa cha chiyankhulo. Alimi athu ambiri mudzayankhula nawo m'Chichewa tsiku ndi tsiku, Chingerezi chidzafunika polemba malipoti opita kwa ogula. Mphindi zisanu zomaliza ndi zanu, mufunse chilichonse, ngakhale za malipiro. Musachite nazo manyazi.

Kenako tidzapita nanu mosungira mbewu kwa mphindi 25, ndipo tikuuzirenitu kuti gawo ili ndi limene lili ndi malikisi ochuluka, theka la malikisi onse. Mudzapeza sikelo, matumba angapo a mtedza ndi soya wa chaka chatha, ndi mmodzi wa mamembala athu amene adzakhale ngati mlimi wobwera kudzagulitsa. Mudzamulandira, mudzayeza katundu wake, mudzaona ngati mbewuyo ndi youma ndi yosankhidwa bwino, kenako mudzamulembera lisiti. M'matumba ena tidzaikamo dala mtedza wonyala, wosweka ndi wachuku, ndipo tikufuna tione ngati mudzauzindikira komanso mmene mudzamuuzire mwini wake. Pamenepa ndi pamene timataya kapena kusunga alimi. Munthu wakwera njinga kuyambira mbandakucha ndi thumba la makilogalamu 50, akuyembekeza kubwerera ndi ndalama ya fizi ya mwana, ndiye inu mukumuuza kuti mtedza wake sutengedwa mpaka ausankhenso. Pali kauzidwe kamene munthu amabwerera nako mawa lake atausankha, palinso kauzidwe kamene kamamupititsa kwa mavenda osabweranso. Koma kuulandira chifukwa cha chisoni nakonso ndi kulakwa, pakuti chuku cha mtedza chili ndi poizoni woononga chiwindi, ndipo ogula akuluakulu akachipeza amabweza katundu yense, ngakhale wa alimi amene anasamala. Ena amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kusenda kapena kuti ulemere pa sikelo, ndipo dzanja la kalaliki liyenera kudziwa zimenezo likangolowa m'thumba.

Simukuyenera kukhala katswiri wa mitundu ya mbewu. Ngati mumatha kusiyanitsa CG7 ndi Chalimbana ndi bwino, ngati simutha tidzakuphunzitsani mukayamba. Chimene sitingaphunzitse munthu m'sabata imodzi ndi kuwerenga sikelo moona mtima mlimi akuona, n'kulemba nambala yomweyo pa lisiti ndi m'buku.

Gawo lomaliza ndi la masamu, mphindi 15. Mudzapatsidwa malisiti asanu kuti muwonkhetse makilogalamu, muchotse kulemera kwa matumba opanda kanthu, ndi kupeza ndalama zoyenera kulipidwa pa mtengo umene tidzakupatseni. Mukatha mudzalowetsa zomwezo pa kompyuta mu Excel. Ngati magetsi adzakhale atazima, tidzagwiritsa ntchito laputopu ya ofesi, pulogalamu siisintha.

Awiri mwa inu munalemba m'makalata anu kuti muli kutali kwambiri ndipo mungakonde kucheza pa foni. Tavomera pa gawo loyamba lokha, kudzera pa vidiyo ya WhatsApp, pa nthawi imodzi mwa zili pamwambazi. Mukhale pamalo a phee pomwe netiweki imagwira bwino, ife ndi amene tidzaimbe. Magawo awiri enawo sangatheke pa foni, muyenera kufika ndithu pasanadutse Lachinayi pa 12 Malichi, ndipo tidzapangana nthawi yake mukayankha.

Zoti mubweretse

Chiphaso cha unzika chenichenicho, osati chithunzi cha pafoni. Ngati chinatha masiku bwerani nacho chomwecho, ngati chinatayika bweretsani kalata ya kupolisi.

Satifiketi ya MSCE yeniyeni pamodzi ndi fotokope imodzi. Amene satifiketi simunakatenge kusukulu, chikalata cha zotsatira chochokera ku MANEB ndi chokwanira pakadali pano. Mapepala ena a maphunziro a zowerengera ndalama, a kompyuta kapena a zaulimi, ngati muli nawo, abwere ndi mafotokope ake. Zenizenizo tidzangoziona n'kukubwezerani pomwepo, ife tidzasunga mafotokope okha. Chitanitu mafotokopewo kwanu, makina a ofesi yathu ndi owonongeka.

Kalata imodzi yokuchitirani umboni yochokera kumene munagwirako ntchito. Ngati simunagwirepo ntchito yolembedwa, kalata ya amfumu, ya kumpingo kapena kumzikiti, kapena ya aphunzitsi aakulu a sukulu imene munaphunzirako tidzailandira mofanana. Pa pepala lina lembani maina ndi manambala a foni a anthu awiri amene tingawafunse za inu, osakhala achibale, ndipo muwadziwitsiretu kuti tiwaimbira.

Bolopeni ndi kakyuleta. Foni sidzaloledwa pa gawo la masamu. Wopanda kakyuleta adzabwereka yathu, musagule chifukwa cha tsiku limodzi.

Za kavalidwe, valani mwaulemu koma mukumbukire kuti mosungira mbewu muli fumbi ndipo mudzagwira matumba. Nsapato zotseka ndi zabwino kuposa zazitali kapena mapatapata. Onyamula matumba adzakhalapo, simudzasenza nokha.

Za thiransipoti ndi zina

Tidzakubwezerani ndalama ya minibasi kapena kabaza yobwera ndi yobwerera, mpaka K25,000 pa munthu, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo. Malo ogona sitilipira. Amayi amene muli ndi mwana woyamwa bwerani naye, ndipo ngati mungathe bwerani ndi womugwira, pakhonde pali malo okhala. Ngati muli ndi ulumali kapena vuto lina limene lingafune kuti tikonzeretu china chake, tiuzeni poyankha, ndipo zimenezo sizidzakhudza malikisi anu.

Kukagwa maliro kapena matenda, kapena galimoto ikawonongeka pa msewu, imbani nthawi yanu isanakwane, tidzayesetsa kukusunthirani pa nthawi imene yatsala. Amene sadzafika popanda kunena kanthu tidzamutenga kuti wasiya. Chimodzimodzinso ngati mwapeza kale ntchito kwina, tidziwitseni msanga kuti tiitane wotsatira pa mndandanda.

Pali nkhani imodzi imene bodi yandituma kuti ndiinene mosabisa. Palibe ndalama iliyonse imene mukuyenera kulipira kuti muchite intaviyuyi kapena kuti mulembedwe ntchito. Wina akakuimbirani kunena kuti ndi wa kuno ndipo akufuna ya fanta kuti akukonzereni njira, musatumize, mundiuze ine kapena wapampando. Musatumenso abale anu amene ndi mamembala a kopaletivi kuti adzakuyankhulireni kwa a komiti. Ngati muli pa chibale ndi wina wa mu bodi kapena wogwira ntchito kuno, nenani poyankha. Sikuti tikuchotsani, koma wachibaleyo adzatuluka m'chipindamo pa nthawi yanu ndipo wina adzakhala m'malo mwake.

Zotsatira tidzakudziwitsani nonse, wopambana ndi osapambana omwe, pofika Lachisanu pa 20 Malichi. Wosankhidwayo adzayamba ntchito Lachitatu pa 1 Epulo, kuti aphunzire mabuku ndi sikelo soya asanayambe kufika. Mgwirizano woyamba ndi wa miyezi isanu ndi umodzi, mpaka kumapeto kwa Sepitembala.

Tikudikira nthawi zanu ziwiri pasanafike 4 koloko madzulo pa 4 Malichi.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti yolemba anthu ntchito