Cholembera Chofiira

Tiyamike anayamba ntchito yolemba malisiti m'sitolo ina ku Limbe mu Januwale, ndipo pofika mu Seputembala anali atazolowera kuti malipiro ake a K280,000 amatha tsiku la 20 lisanafike. Mlandu ankaupereka kwa ufa, makala ndi minibasi ya ku Bangwe. Sitetimenti ya kubanki anakaitenga chifukwa chakuti gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama la kuntchito linaifuna lisanamupatse ngongole.

Usiku umenewo magetsi atazima, anayala mapepalawo pamkeka, nayatsa tochi ya foni, ndipo anayamba kuzunguliza ndi cholembera chofiira ndalama iliyonse imene sankakumbukira kuti anaitulutsa. Panali K4,500 ya inshuwaransi ya maliro imene anasainira osawerenga tsiku lotsegula akaunti, pamene kuntchito ankamudula kale ina yofanana nayo. Panalinso K6,000 ya mafilimu a pafoni, amene anawayesa mwezi umodzi waulere mu Malichi n'kuwaiwala. Imene inamuwawa kwambiri inali K12,000 ya ngongole ya foni yomwe anamaliza kubweza mu Meyi, koma ndalamazo zinkapitabe chifukwa lamulo limene anapereka kubanki loti zizichoka mwezi ndi mwezi anali asanalithetse. Atawonkhetsa pamodzi zonse zimene zinkachoka mwezi ndi mwezi pa miyezi yonseyo anapeza K102,000, lendi ya miyezi iwiri ndi kanganyase pamwamba.

Mafilimu anawathetsa pomwepo. Inshuwaransi inamudyera nthawi yopuma ya masana awiri, popeza Lolemba anapeza mzere wofika pakhomo, ndipo Lachiwiri anamubweza kuti akalembe kalata ndi kujambulitsa chitupa cha unzika.

Kwa ogulitsa mafoni anapita Loweruka atanyamula malisiti onse m'jumbo. Bambo wa pakauntala anawayang'ana nthawi yaitali asanayankhule.

"Achemwali, apa palibe chokana, munalipira katatu mopitirira. Tikubwezerani, koma mupite kaye kubanki mukaimitse, chifukwa mukapanda kutero mwezi wamawa zidzabweranso kuno."

"Ndinaimitsa kale dzulo, bambo," anayankha Tiyamike, akuwaonetsa pepala lodindidwa.

Pomalizira panatsala za mayunitsi, zimene zinkatha usiku iye ali m'tulo. Anapeza kuti mlongo wake Madalitso, atabwereka foniyo pa Isitala, analembetsa mauthenga a zotsatira za mpira ndi nyimbo ya kwaya imene oimba foni ankamva podikira kuti ayankhidwe. Zonsezi anazichotsa ali m'minibasi, asanafike pa siteji yake.

Lamlungu madzulo mayi ake anaimba kuchokera ku Ntcheu, ndipo moni asanathe anafunsa modandaula.

"Iwe Tiya, nyimbo ija yapita kuti? Inetu nthawi zina ndinkangoimba kuti ndiimvere."

Tiyamike anaseka, anayang'ana cholembera chofiira chija pawindo, ndipo anawafunsa mayi akewo dzina la nyimboyo.