Ngongole ya K2,000,000: nkhani ya golosale ya banja la a Kamanga ku Mponela

Nkhaniyi ndi ya ophunzira maphunziro a bizinesi zing'onozing'ono. Iwerengedwe musanabwere kudzakambirana m'magulu.

A Kamanga ndi akazi awo a Nabanda ali ndi golosale pa Mponela, m'boma la Dowa, chapafupi ndi msewu wa M1. Nyumba ya golosaleyo ndi yawo, ili pa puloti yomwe amakhalapo, choncho salipira lendi. Amagulitsa shuga, sopo, mafuta ophikira, mchere, buledi ndi zina zotero. Katundu amakapikula ku Lilongwe. Mwana wawo woyamba, Chisomo, ndiye amalemba mabuku chimalizireni Fomu 4.

Malonda a pa Mponela amayendera fodya ndi zokolola. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, alimi akagulitsa, golosaleyi imagulitsa katundu wa K3,000,000 pa mwezi, ndipo phindu limakhala K360,000. Januwale mpaka Malichi, anthu ali pa njala, malonda amatsika kufika pa K1,800,000, phindu K216,000. Mwezi uliwonse banjali limatapa K150,000 ya pakhomo.

Bungwe lina lobwereketsa ndalama lavomera kuwakongoza K2,000,000, yobweza pa miyezi 12. Chiwongoladzanja ndi K5 pa K100 iliyonse pa mwezi, ndipo apa mpofunika kuwerenga modekha. Bungweli limawerengera chiwongoladzanjacho pa K2,000,000 yonse kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza, ngakhale ngongole ikhale itatsala pang'ono. Ndiye kuti ndi K100,000 mwezi uliwonse, K1,200,000 pa chaka. Zonse pamodzi adzabweza K3,200,000, pafupifupi K267,000 pa mwezi. Bungweli lidulanso K60,000 ya mafomu ndi inshuwalansi ndalama isanatuluke, kotero m'manja mwawo mufika K1,940,000. Chikole ndi mapepala a puloti.

A Kamanga akufuna kugula filiji ya K900,000 yosungira zoziziritsa kukhosi, mafilizesi ndi nkhuku, ndipo K1,040,000 yotsalayo awonjezere katundu. Mfundo yawo siyopepuka. Amakumbukira Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti: anagulitsa katundu pa mtengo wakale, atapita kukapikula anapeza kuti ndalamayo sikukwanira kudzaza mashelefu. “Mayi a Chisomo,” amatero, “ndalama yosunga m'chitini imasungunuka. Katundu ndiye amakwera ndi mitengo.”

A Nabanda sakutsutsa za filiji. Chimene chikuwavuta ndi puloti. “Bambo, zikavuta mu Febuluwale tidzagona kuti ndi ana?” Iwo akuti ayambe atolera ngongole za makasitomala. M'kope lakuda lomwe limakhala pansi pa sikelo muli maina a anthu amene anatenga katundu pa ngongole, yonse K420,000. Ena ndi aphunzitsi omwe amabweza mwezi ukatha. Koma tsamba lina lonse ndi la achibale a a Kamanga, ndipo tsambali palibe amalitchula pokambirana. A Nabanda alinso mu banki m'khonde, komwe angatenge K500,000 popanda chikole cha puloti, ngakhale chiwongoladzanja chake ndi K20 pa K100 ndipo ndalama imafunika pakutha pa mwezi umodzi.

Chisomo anawerengetsera motere. M'miyezi yabwino filiji ingabweretse K120,000, katundu wowonjezera K125,000. Akachotsa ya pakhomo ndi ya ngongole, patsala K188,000. M'miyezi ya njala zowonjezerazo akuziika pa K60,000 chilichonse, ndipo pamenepo ndalama imapelewera ndi K81,000 mwezi uliwonse, K243,000 pa miyezi itatu. Ikapelewera, itapidwa ku mpamba.

Masamu a Chisomo ndi aukhondo, koma akhululukira filiji kwambiri. Sanachotse mayunitsi a magetsi, sanaganize za tsiku lomwe magetsi adzazime nkhuku zili m'kati, ndipo waiwala kuti Juni ndi Julaye, pamene anthu ali ndi ndalama, ku Dowa kumazizira moti zoziziritsa kukhosi siziyenda. Nthawi yotengera ngongole nayonso ndi nkhani. Pano ndi Novembala. Akasaina tsopano, miyezi ya njala iwapeza atangobweza kamodzi kapena kawiri, asanasunge kanthu. Akadikira mpaka Epulo, adzayamba ndi miyezi isanu ya malonda abwino, koma filijiyo mwina sidzakhalanso pa K900,000.

Ofisala wa ngongole wanena kuti abwera Lachisanu ndi mafomu, ndipo pakufunika siginecha ya onse awiri.

Mafunso okambirana

1. Werengerani ndalama zolowa ndi zotuluka mwezi ndi mwezi akatenga ngongole mu Novembala, kenako akaitenga mu Epulo. Pa miyezi yomwe nkhaniyi sinapereke manambala, ikani anu ndipo fotokozani chifukwa chake.

2. Pa K420,000 ya m'kope lija, ndi ingati yomwe mungaiwerengere ngati ndalama yeniyeni? Chisomo angawauze bwanji bambo ake za tsamba la achibale?

3. Atati atenge K900,000 yokha ya filiji pa malamulo omwewa, azibweza zingati pa mwezi, ndipo mungawalole kuika puloti ngati chikole?