Bwerani ndi Mnzanu, Mugayitse Ndowa Yaulere: Uthenga wa pa Chimkuzamawu ku Chigayo Chathu cha pa Lizulu

Zikomo amayi ndi abambo, azakhali ndi agogo amene muli pamzerepo. Tsitsani kaye mitolo pansi, makina apume pang'ono, timvane.

Kuyambira pa 1 Meyi mpaka pa 31 Julayi, aliyense amene mumagayitsa kuno mukatibweretsera munthu watsopano, tikugayirani ndowa imodzi ya chimanga osalipira kalikonse. Ndowa yake ndi yomwe ija ya malita 20 imene timayezera masiku onse. Mnzanuyo naye sabwerera chimanjamanja: pa ndowa ziwiri zimene abwere nazo ulendo woyamba, yoyamba alipira mtengo wonse, yachiwiri alipira theka.

Musanachoke lero, pitani patebulo la akalaliki mukalembetse dzina ndi mudzi wanu. Akupatsani kakhadi kokhala ndi nambala yanu, ndipo m'munsi mwake muli timapepala tisanu todula, kalikonse kali ndi nambala yomweyo ndi chidindo chathu. Kakhadiko n'kaulere. Wina akakuuzani kuti mupereke ya kakhadi, kaya ndi wantchito wathu kaya ndi wapanja, mukanene kwa akalaliki.

Mukapeza munthu, dulani kapepala kamodzi mum'patse. Kubwera naye limodzi n'kwabwino, koma ngati muli kudimba mukupopera mbatatesi kapena mwapita kukagulitsa kabichi, abwere yekha, bola kapepalako akhale nako. Akafika apereke kwa akalaliki chimanga chisanayezedwe. Ndibwereze pamenepa, chifukwa m'pamene pamachokera mikangano: chisanayezedwe. Munthu akalipira kale, ufa wapakira m'thumba, n'kukumbuka kuti kapepala kali pamfundo ya chitenje, dzina lake limakhala litalowa kale m'buku ngati kasitomala wamba ndipo sitifufuta. Iye theka lija lamupita, inunso ndowa yanu yakupitani.

Kapepala kakalandiridwa, akalaliki alemba chizindikiro pa nambala yanu m'buku. Tsiku limene mudzabwere, onetsani kakhadi, adinde, ndowa imodzi ilowe yaulere. Musankhe nokha: kugayitsa mgaiwa, kukonoletsa, kapena kugayitsa mphale ya ufa woyera. Mphotoyo ndi ya ntchito imodzi pa ndowa imodzi, ndiye mukasankha kukonoletsa, tsiku lodzagayitsa mphaleyo mudzalipira monga mwa nthawi zonse. Madeya ndi anu, tengani mukapatse nkhumba ndi nkhuku.

Timapepala tonse tisanu tikabwerera kuno, kuwonjezera pa ndowa zisanu zija tikupatsani mphoto yaikulu: thumba la makilogalamu 50 tikukonolerani ndi kukugayirani, zonse ziwiri zaulere. Thumba lotere limatuluka ndowa zitatu ndi kena kotsala, ndiye werengerani nokha. Kakhadi kakatha, tengani kena muyambirenso.

Tsono watsopano ndi ndani? Ndi munthu amene dzina lake mulibe m'buku lathu kuyambira Januwale chaka chino, ndipo amadya m'khomo lakelake. Amuna anu, akazi anu, ana amene mumadya nawo mphika umodzi sawerengedwa. Tikudziwa nzeru imene ena ayamba kale kuiganiza, yogawa thumba limodzi pawiri n'kutuma mwana wa sukulu kuti akalembetse ngati mlendo. Akalaliki amafunsa mudzi ndi mwini khomo, ndipo pano timadziwana. Kapepala kotero timakang'amba. Koma mwana wanu amene anakwatiwa n'kumaphika payekha, apongozi, alamu, anzanu a ku banki m'khonde, a kukwaya, amayi ophika nsima ndi kukazinga tchipisi pamsikapa, onsewa ndi oyenera. Abale athu a kutsidya kwa msewu, mbali ya Mozambique, nawonso akulandiridwa mofanana, kaya kubwera ndi kapepala kaya kutenga kakhadi kawo. A ku Mlangeni, a ku Biriwiri, a mbali ya ku Dedza, mtunda si mlandu.

Akabaza, mverani apa. Mukanyamula thumba la munthu wina, dzina lolembedwa ndi la mwini chimanga, osati lanu. Koma ngati ndinu amene mwam'kopa kuti abwere kuno, ndipo inunso mumagayitsa kuno, m'patseni kapepala kanu, ndowa yaulere ikhala yanu.

Zikachitika kuti munthu mmodzi walandira timapepala kwa anthu awiri, timawerenga kamene iye wayamba kupereka patebulo. Kapepala kenako abwezere mwini wake akapatse wina.

Ena afunsa kuti bwanji osangotipatsa ndalama. Sitipereka ndalama, ndipo ndowa yaulere sisinthidwa ndi ndalama. Mtengo wogayitsa umatsata mtengo wa magetsi ndi wa zipangizo, ukhoza kukwera mwezi wamawa, koma ndowa imakhalabe ndowa. Mukhoza kuisunga mpaka masiku 60 kuchokera tsiku limene mnzanu anabwera, ngakhale Julayi atadutsa. Masiku amenewa akatha mphoto yafa, chifukwa buku timalitseka. Mukafuna kupatsa ndowa yanu agogo kapena wodwala m'mudzi, bwerani nokha mudzanene, tidzalemba dzina lawo. Kakhadi kakasowa kapena kakanyowa, musadandaule, zimene munapata zili m'buku. Tikupatsani kena ka nambala yomweyo, timapepala totsala pa kakale tikhala titafa. Magetsi akazima muli pamzere, akalaliki alandirabe timapepala n'kulemba tsiku lomwelo, ngakhale chimanga chigayidwe mawa lake.

Popeza mukutibweretsera anthu osadziwa machitidwe athu, muwauziretu izi asadzachite manyazi pagulu. Ndowa timayeza yofika m'milomo, yosalaza ndi dzanja. Ya phiri pamwamba timaichotsera. Chimanga chikhale chopeta, chopanda miyala, zitsononkho ndi misomali ya m'nkhokwe. Msomali umodzi umaboola sefa, ufa n'kuyamba kutuluka wa miseremisere, ndipo makina amaima mzere wonse n'kumadikira kuti tisinthe sefa. Chimanga chongokolola kumene chiyambe chauma. Lumani njere imodzi, ikaphulika ndi kaphokoso ndiye kuti yauma, ikangophwanyika mofewa yanikaninso. Chimodzimodzi mphale yoviika: itsukeni, muiyanike pamphasa mpaka isiye kumata m'manja. Kuno Juni ndi Julayi kumazizira, chifunga chimachedwa kuchoka, ndiye mphale imene mwezi wa Okutobala ikanauma msanga imafuna nthawi yochulukirapo. Yonyowa imatseka timabowo ta sefa, makina amatentha, ufa umatuluka wa mibulu ndipo suchedwa kununkha chuku. Yotero timaibweza, koma kapepala ka munthuyo timakasunga mpaka adzabwere nayo youma. Chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe chipetedwe bwino, ndipo munene kwa wogayitsa asanachithire m'makina.

Osachita kuvutika ndi mawu ambiri pokopa munthu. Ingonenani kuti, "Anzanga, tengani kapepala aka, mukapite ndi ndowa ziwiri kuchigayo chimene ndimagayitsa ine pa Lizulu. Yachiwiri mukalipira theka. Mukapereke kwa akalaliki asanayeze." Basi.

Timatsegula 6 koloko m'mawa, kutseka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka. Amene mwagayitsa kale, tebulo ndi ilo pakhomopo, akalaliki akukudikirani ndi makhadi. Amene muli pamzere, sendezani mitolo kutsogolo. Achimwene, yatsani makina.