Kalata kwa Chisomo yokhudza mfundo ya seterisi paribasi

Salima
14 Febuluwale 2024

Wokondedwa Chisomo,

Ndachonga pepala lako la mayeso a zachuma, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndikulembere kusiyana ndi kungokubwezera pepalalo lili ndi malikisi ochepa popanda kukuuza chimene chinalakwika. Pa funso lachitatu unalemba kuti lamulo loti mtengo ukakwera anthu amagula zochepa ndi labodza, chifukwa pamsika wa Kamuzu Road chimanga chimakwera mtengo mu Januwale ndi Febuluwale, koma nthawi imeneyi ndi imenenso anthu amakhamukira kukagula. Zimene unaonazo ndi zoona, ndipo ndakondwa kuti umayang'ana msika ndi maso ako. Unalakwitsa posiya mawu awiri amene lamuloli limatsamirapo, amene m'mabuku amawalemba kuti ceteris paribus, mawu a Chilatini otanthauza kuti zina zonse zikakhala mmene zinalili.

Taganizira zimene zimasintha pakati pa Meyi ndi Januwale. Mu Meyi anthu amakhala atangokolola, nkhokwe zili zodzaza, ndipo ndi ochepa amene amafuna chimanga chogula ngakhale chitsike mtengo chotani. Pofika Januwale chimanga chimakhala chitatha m'makomo ambiri, cha m'munda chisanache, choncho banja limene silinkapita kumsika limayamba kupita ndi kathumba. Si kukwera kwa mtengo kumene kukuchititsa anthuwa kugula, koma mtengo ndiwo wakwera chifukwa ogula achuluka pamene chimanga chachepa. Iwe unayerekezera miyezi iwiri imene yasiyana pa zinthu zambiri, kenaka kusiyana konseko unakusenzetsa mtengo wokha.

Funso limene lamuloli limayankha ndi lopapatiza kwambiri kuposa pamenepo. Tiyerekeze mayi mmodzi, tsiku limodzi la mu Januwale, ali ndi K10,000 kumpango, ana omwewo kunyumba, ndipo mitengo ya chinangwa, mpunga ndi ndiwo siinasinthe. Kodi akapeza kuti ndowa ya chimanga yakwera, agula chochuluka kapena chochepa kuposa chimene akadagula mtengo ukadapanda kukwera? Agula chochepa, mwina n'kuwonjezerapo chinangwa. Lamuloli limanena zokhazo basi. N'chifukwa chake pa galafu timasiyanitsa zinthu ziwiri zimene iwe unaziphatikiza: mtengo wokha ukasintha timayenda pamzere womwewo wosonyeza kuchuluka kwa zimene ogula angagule pa mtengo uliwonse, koma china chikasintha, monga ndalama za anthu, nyengo kapena chiwerengero cha ogula, mzere wonse umasuntha. Mu Januwale mzere wa ogula umasunthira kumanja.

Ndikudziwa kuti unena kuti pamoyo weniweni palibe tsiku limene zinthu zonse zimaima, ndipo sindikutsutsa. Ngakhale katswiri wa zachuma Alfred Marshall, amene anafalitsa kwambiri kaganizidwe aka m'buku lake la 1890, sananene kuti dziko limaima. Iye ankatanthauza kuti munthu sangathe kutsata zifukwa zonse nthawi imodzi, kotero amazitsekera kaye m'khola n'kumatulutsa chimodzichimodzi. A zasayansi amatha kuchita zimenezi mulabotale, koma ife a zachuma sitingalamule mphepo kapena kwacha kuti idikire, choncho timazichita m'mutu ndi papepala.

Popeza bambo ako ndi msodzi ku Senga Bay, tatenga mtengo wa usipa. Ungakwere chifukwa mwera waletsa mabwato kulowa m'nyanja, kapena chifukwa mwezi ukuwala ndipo usipa sukubwera ku nyali, kapena chifukwa ogula ochokera ku Lilongwe afika ambiri, kapenanso chifukwa mafuta a injini akwera, monga zinachitikira boma litachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zonsezi zimakweza mtengo, koma kwa msodzi sizifanana mpang'ono pomwe. Ogula akachuluka amapeza phindu, pamene mafuta akakwera angathe kugulitsa modula koma n'kubwerera kunyumba ndi ndalama zochepa. Amene sadziwa kupatula zifukwazi angathe kulangiza bambo ako kuti atenge ngongole ya injini yachiwiri pongoona mtengo wokwera, ndipo akhoza kuwagwetsa m'mavuto.

Samalanso mbali ina, chifukwa ophunzira ena amalemba mawu awiri aja akuti ceteris paribus kumapeto kwa chiganizo chilichonse ngati chithumwa chowateteza kwa wochonga, ndipo wotero sindimupatsa malikisi. Ukawalemba, tchula zinthu zimene waziimitsa, ndipo ukamaliza ubwerere n'kufunsa chimene chingachitike chimodzi mwa izo chitasintha.

Ulembenso funso lachitatu pogwiritsa ntchito chitsanzo chako chomwecho cha chimanga. Ujambule magalafu awiri, imodzi yosonyeza mtengo wokha ukusintha ndi ina yosonyeza nkhokwe zitatha, ndipo pansi pa iliyonse ulembe zimene sizinasinthe. Ubwere nazo kuofesi kwanga Lachisanu tikaweruka, tidzazione limodzi. Undiperekere moni kwa makolo ako.

Ine mphunzitsi wako,
Bambo Phiri